Posita yathu ya chipatala cha maso, osaona sanaiwerenge

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, chifukwa amene anaphonya pankhaniyi ndine. Ndimayendetsa peji ya Facebook ya kutchalitchi kwathu, zija zongokupatsa poti ndiwe uli ndi laputopu. Tsiku lina kunabwera uthenga kuti kubwera madokotala kudzayeza maso ulele, makamaka ng'ala, ndipo anthu adziwitsidwe. Ine nde ndinakhala pansi usiku onse kupanga posita yokongola, kumbuyo kobiriwira, diso lalikulu pakati, tsiku, nthawi, malo, nambala yoimbira, zonse mkati mwa chithunzi. Pamwamba pake ndinangolemba kuti "Onani uthenga uwu abale" nkuika timanja titatu toloza pansi ndi hashitagi imodzi yaitali yamalemba ang'onoang'ono okhaokha. Malaiki anabwera ambiri ndithu, ndinagona ndikudzimva kuti ndagwira ntchito.

Mawa lake anandiimbira aphunzitsi ena omwe timapemphera nawo, bambo osaona, amene foni yawo amaigwiritsa ntchito kuposa ine. Anati, "Achimwene, mwaika chani papeji paja? Foni yanga yangondiuza kuti onani uthenga uwu, kenako chala choloza pansi katatu, kenako yati mwina ndi chithunzi chokhala ndi malemba. Malemba ake ati?" Nditawauza kuti ndi zoyeza maso anaseka mpaka kutsokomola. Ine manyazi, osadziwa koyang'ana ngakhale tinali pafoni.

Chomwe ndikufuna kunena ndi chimodzi basi: uthenga uzilembedwa ngati mawu enieni otaipa, chithunzi chizingoperekeza. Zinazi, zofotokoza chithunzi ndi zamahashitagi, zikungotsatira pamenepo.

Kuti mumvetse, muyambe mwadziwa mmene munthu osaona amawerengera foni. Mufoni zambiri za Android muli pulogalamu yotchedwa TalkBack, mu iPhone muli VoiceOver, pakompyuta ambiri amagwiritsa NVDA yomwe ndi yaulele kapena JAWS yogula. Munthu amasesa chala kupita kumanja, foni nkumutchulira chinthu chotsatira, dzina la woposita, nthawi, mawu a positi, kenako chithunzi. Akafuna kutsegula amagogoda kawiri. Pulogalamuyi siiona sikirini ngati mmene ife timaonera, imangotenga zilembo zomwe zasungidwa ngati zilembo. Nde mawu omwe mwawalemba mu pulogalamu yopangira maposita ngati Canva nkusevera ngati chithunzi, kwa iyo si mawunso ayi, ndi timadontho tamitundu basi, sikusiyana ndi chithunzi cha mbuzi. Mu 2016 Facebook inayamba kumayesa kulosera yokha zomwe zili pachithunzi, nchifukwa chake aphunzitsi aja anamva `May be an image of text`. Imeneyo ndi ntchito yomwe inakwanitsa paposita yanga yausiku onse ija.

Pali amene anganene kuti aaa, osaona ndi angati pa Facebook pano. Funsoli limandinyansa pang'ono koma tiyeni tiliyankhe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.5 miliyoni azaka zisanu kupita mtsogolo omwe ali ndi ulumali wina wake, ndipo pafupifupi theka la iwowa vuto lawo ndi lakaonedwe. Si onse osaoneratu, ndipo mfundo yake ili pomwepo. Ambiri amaona pang'ono, agogo a ng'ala, anthu a shuga omwe maso ayamba kufooka, abale athu achialubino omwe kalembera yemweyo anawapeza oposa 134,000 ndipo ambiri mwa iwo amavutika ndi malemba ang'onoang'ono. Anthu amenewa sagwiritsa TalkBack, amangokulitsa zilembo mu `Settings`. Mawu otaipa amakula bwinobwino nkudzikonza okha kuti akwane pasikirini. Mawu a m'chithunzi sakula, umachita kutambasula ndi zala ziwiri nkumakoka uku ndi uku, mzere umodzi kukoka katatu, ukafika kumapeto waiwala kale poyambira, komanso chithunzi chikadutsa m'magulupu a WhatsApp asanu chimakhala chafufutika moti 3 ndi 8 osasiyananso. Panambala ya foni zimenezo si zocheza.

Ndiye palinso ife tomwe a maso athu abwinobwino. Bandulo ikatsala pang'ono kapena netiweki ikakhala ya kumudzi ija yoti mpaka ukwere pachulu, mawu amatseguka koma chithunzi chimangozungulira. Ambirife tinathimitsa zoti WhatsApp izitsitsa yokha zithunzi, timangoona kabwalo kachimbuuzi nkudutsa. Nambala yotumizira ndalama za chipepeso ikakhala m'chithunzi sungaikope, umachita kuilemba padzanja kapena kuloweza manambala anayi, kutuluka, kubwereranso. Pakatha sabata ukafuna kusaka uthenga uja ndi mawu oti "ng'ala" palibe chomwe chimabwera, chifukwa mawuwo sanalembedwe paliponse. Nde olo mutati za osaona sizikukukhudzani, posita yopanda mawu ikukuthawitsirani anthu omwe mumawafunawo.

Tsopano mmene ndinakonzera. Posita sindinaichotse, inali yokongola ndipo anthu amaima akaona chokongola, zimenezo sindikutsutsa. Ndinangotsegula positi nkulembanso pamwamba chonchi:

"Kuyeza maso kwaulele. Loweruka likubwerali kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana, muholo ya patchalitchi. Madokotala ayeza ng'ala ndi mavuto ena a maso, aliyense ndi wolandiridwa, si a mpingo okha. Bwerani ndi buku lanu lakuchipatala, ndipo ngati muli ndi magalasi akale mubwere nawo."

Pansi pake nambala yoimbira pamzere wakewake. Taonani kuti chinthu chofunika chili m'mawu atatu oyambirira. Munthu womvetsera sangadumphe ndi diso ngati ife, amamva kuchokera poyamba, nde ukayamba ndi moni wa mizere inayi ndi vesi, amasesa chala nkupita kwina asanafike pa nkhani. Komanso Facebook imadula positi yaitali nkuika `See more`, kotero chomwe chili pamwamba ndi chomwe aliyense amachipeza. Zinanditengera mphindi ziwiri. Posita inanditengera usiku onse.

Kenako chithunzi chenichenicho. Pali kabokosi kobisika komwe umalembamo zofotokoza chithunzi, pa X kamaoneka ndi chizindikiro cha `ALT`, pa Facebook ukadina `Edit` pachithunzi umapeza `Alternative text`, pa Instagram kali mkati mwa zosankha zowonjezera usanaposite, pomwe alemba `Write alt text`. Twitter, yomwe pano ndi X, inayamba zimenezi mu 2016, Instagram mu 2018, nde si zatsopano ayi, kungoti anazikwirira pansi ngati ndalama za agogo. Mabataniwa amasunthasuntha akasintha pulogalamu koma ukasaka mawu oti `alt` umawapeza. Zomwe walemba mmenemo ndi zomwe TalkBack imatchula ikafika pachithunzi, m'malo mwa zolosera zija.

Apa ndi pomwe anthu ofuna kuchita bwino amasochera, ndipo ine ndinasochera kawiri. Ulendo oyamba ndinangolemba kuti "posita". Aphunzitsi anati zikomo, koma zoti ndi posita ndinazidziwa kale. Ulendo wachiwiri ndinapyola muyeso, ndinafotokoza kubiriwira kwake, nsidze za diso lija, timizere ta m'mbali, kenako ndinakoperanso uthenga onse, moti iwo anamva tsiku ndi nthawi kawiri motsatizana kuphatikiza nsidze. Anandiuza mawu omwe ndimawagwiritsabe mpaka pano: "Muziyerekeza kuti tili pa minibasi limodzi, mwaona chinthu pawindo, mukundiuza tisanadutse." Pawindo la minibasi sunena kuti pali mtengo, pali thambo, pali munthu wavala malaya. Umanena kuti lole ya chimanga yagwa, anthu akutola. Chomwe chakuchititsa kuti uloze, ndi chomwecho.

Nde kwa posita ija zokwanira zinali izi: "Posita yolengeza kuyeza maso kwaulele Loweruka, zonse zalembedwa mu positi pamwambapa." Basi. Popeza uthenga uli kale m'mawu, kabokosika kangomutsimikizira munthu kuti palibe chomwe akuphonya. Koma chikhala kuti ndi sikirinishoti ya uthenga wa munthu wina ndipo simunaulembe pamwamba, pamenepo mawu onse alowe m'kabokosi, pa X malo ake amakwana zilembo 1,000.

Chithunzi cha anthu nchosiyana. Titamaliza tsikulo ndinaposita chithunzi, makina akanangoti mwina ndi anthu asanu ali m'nyumba. Ine ndinalemba: "Agogo aakazi atakhala pabenchi, dzanja lina atatseka diso lamanzere, akuloza tchati cha zilembo uku akuseka, namwino ataima pambali pawo." Chiganizo chimodzi, ndani, akutani, ali pati, ndi kuseka kuja chifukwa ndi komwe kunandichititsa kujambula. Simufunika kuyamba ndi "chithunzi cha", foni imanena kale yokha kuti ichi nchithunzi. Ndipo chithunzi chimodzi chomwecho chingafotokozedwe mosiyana malinga ndi nkhani. Akanakhala wogulitsa zitenje ndi amene waposita, akanayenera kunena mtundu wa chitenje cha agogowo ndi maluwa ake, ine sindinatchule chifukwa sikomwe kunali nkhani. Chomwe ndimadana nacho ndi anthu omwe atulukira kabokosika nkumaikamo nthabwala zobisika kapena dzina la wojambula kapena mulu wa mahashitagi. Kumeneko kuli ngati kuika matumba a simenti panjira ya njinga ya olumala poti pamaoneka popanda anthu.

Koma ndinene chilungamo, kwa ife kuno kabokosi aka pakokha sikokwanira, ndipo nchifukwa chake ndikukakamira kuti uthenga uzikhala pamwamba poonekera. Uthenga wathu sukhalitsa pa Facebook, wina amaujambula sikirinishoti kapena kusevera chithunzi nkuponya pa WhatsApp, ndipo zomwe munalemba m'kabokosi zija sizipita nawo, zimatsala komweko. Pa WhatsApp chomwe uli nacho ndi kapushoni basi. Nde mukamatumiza posita kugulupu, lembani tsiku, nthawi, malo ndi nambala mu kapushoni, kapena tumizani uthenga wamawu otaipa pansi pake pompo. Ndaona kuti anthu ambiri amafowada uthenga otaipawo kuposa positayo, mwina poti sudya bandulo.

Mtsutso omwe ndimaulemekeza ndi uwu: masiku ano mafoni amatha kuwerenga okha malemba a m'chithunzi, nde tivutikirenji. Zoona, amatha, ndipo aphunzitsi aja ali ndi mapulogalamu otere, amawathandiza pamalisiti ndi makalata. Kalata yotaipa bwino, zilembo zakuda papepala loyera, imawerengeka ndithu. Koma maposita athu sakhala choncho. Timakonda zilembo zopotanapotana ngati za pakhadi la ukwati, zagolide pamwamba pa chithunzi cha maluwa, tsiku lili pakona iyi, mwezi pakona ina, nthawi yaimikidwa chammbali. Makina amatola zidutswa mosatsata ndondomeko, 8 koloko ija nkupezeka yamamatira ku nambala ya foni. Ndipo akalakwitsa, munthu osaona alibe njira yodziwira kuti alakwitsa, amangokhulupirira nkupita tsiku lolakwika. Komanso bwanji timupatse munthu ntchito ya masitepe anayi, kusevera chithunzi, kutsegula pulogalamu ina, kudikira netiweki, kumvetsera zosokonekera, pamene ife mawuwo tinali nawo kale pakompyuta pomwe timapanga positayo? Ndi kukopa nkumata basi.

Ena amati kalata ya ofesi iyenera kuoneka ndi chidindo ndi siginecha kuti anthu akhulupirire kuti si yabodza. Ndikuvomereza, chidindo chili ndi ntchito yake. Ikani kalatayo, koma mawu ake muwalembenso pamwamba. Ndaonapo zolengeza ntchito zingapo zomwe pansi pake analemba kuti anthu aulumali akulimbikitsidwa kufunsira, zonse zili m'chithunzi cha pepala lojambulidwa mopendama ndi foni, mthunzi wa dzanja la wojambula uli pomwepo. Wolimbikitsidwayo chilimbikitsocho sanachimve nkomwe. Malamulo a mawebusaiti otchedwa WCAG anazinena izi kalekale mu 2008, kuti chilichonse chosakhala mawu chikhale ndi mawu ochifotokoza ndipo mawu asamaikidwe ngati chithunzi pamene angathe kulembedwa, nde a maofesi omwe ali ndi anthu olipidwa pantchito yofalitsa uthenga alibe pothawira.

Tibwere ku mahashitagi, nkhani yaing'ono koma yokoma. Hashitagi silola mipata, nde mawu amamatana. Njira yake ndi kuyamba liwu lililonse ndi chilembo chachikulu, ena amati kalembedwe kangamila poti zilembo zikuluzikuluzo zimatumphuka ngati linunda. Pulogalamu yowerenga ikaona chilembo chachikulu pakati imadziwa kuti apa payamba liwu lina, ikapanda kuchiona imayesa kutchula chimtanda chonsecho ngati liwu limodzi, zomwe zimatuluka ngati munthu akutsuka mkamwa. Ndipo si makina okha. Mu 2013 atamwalira Margaret Thatcher, yemwe anali nduna yaikulu ya Britain, anthu anafalitsa `#nowthatchersdead`, ena ambiri nkuwerenga kuti wamwalira ndi woimba uja Cher, mpaka kuyamba kulira maliro a munthu wamoyo. Zilembo zazikulu zitatu zikanathetsa nkhani.

Ku Chichewa vutoli ndi lalikulu kuposa ku Chingerezi, chifukwa mawu athu ndi omatikiza kale, ndipo tizidutswa ngati a, na, ndi, ku timapezeka poyambira mawu komanso pakati pa mawu. Tayesani iyi: `#anandibambo`. Diso limathamangira "anandiba", nkutsala ndi "mbo" osadziwa kuti apite kuti. Pomwe wolemba amatanthauza `#AnaNdiBambo`, za ana ndi bambo awo. Kapena `#anaathuaphunzire`, ma a anayi aja ukuchita kuwawerenga ndi chala, pomwe `#AnaAthuAphunzire` ikuwerengeka ukuyenda. Onjezani apa kuti mafoni ambiri amawerenga Chichewa ndi liwu la Chingerezi, lomwe limapotoza kale ngakhale mawu olembedwa bwino, aphunzitsi aja anazolowera kumva "ndi" akutchulidwa mwachilendo ndipo amamva, koma ukawapatsa mawu anayi omatana m'liwu lomwelo ndiye kuwapatsa mwambi. Musaope kuti hashitagi yanu isochera, posaka zilembo zazikulu ndi zazing'ono zimatengedwa chimodzimodzi, `#AnaNdiBambo` ndi `#anandibambo` zimafika malo amodzi.

Msampha uli poti ukayamba kutaipa, pulogalamu imakubweretsera hashitagi yomwe ena analemba kale, nthawi zambiri yazilembo zazing'ono, ukangoidina imafufuta zako zija. Nde ndimamaliza kutaipa ndekha mpaka kumapeto. Ndipo ndimaziika kumapeto kwa positi, ziwiri kapena zitatu, osati pakati pa chiganizo, chifukwa iliyonse foni imayamba yatchula chizindikiro chija, tangoganizani chiganizo cha mawu khumi chokhala ndi mahashitagi asanu mmene chimamvekera m'khutu.

Zilembo zokongoletsa zija zomwe achinyamata amakopa pamawebusaiti, zopendama kapena zonenepa, zomwe amalembera maina awo ndi mitengo ya katundu, nazonso ndi chimodzimodzi ndi kubisa mawu m'chithunzi. Si zilembo wamba, ndi zizindikiro za masamu zongofanana ndi zilembo, nde foni ina imazidumpha ngati palibe kanthu, ina imatchula chimodzichimodzi ndi dzina lake lalitali. Emoji iliyonse nayo ili ndi dzina lomwe limatchulidwa, imodzi kapena ziwiri nzabwino, zimaseketsa, koma timanja towomba pakati pa liwu lililonse ndi chilango.

Ngati mukufuna kudzionera nokha, yesani pafoni yanu. Pitani ku `Settings`, kenako `Accessibility`, muyatse `TalkBack`. Chenjezo, ikangoyaka foni imasintha khalidwe, kudina kamodzi kumangosankha, kutsegula nkugogoda kawiri, kutsitsa peji ndi zala ziwiri, nde muyambe mwadziwa zimenezi musanayatse, anthu ena anathamangira nayo kwa okonza mafoni kumsika poyesa kuti yalowa ziwanda. Kenako tsegulani positi yanu yomaliza, tsekani maso, musese chala kumanja mpaka ithe. Mukatha mudzifunse ngati mwamva kuti chikuchitika nchani, liti, kuti, ndipo muimbire ndani. Ine nditayesa papeji yathu ndinabwerera m'mbuyo miyezi itatu, ndinapeza zolengeza maliro ziwiri, pologalamu ya ukwati ndi nambala ya zopereka, zonse zili chete m'zithunzi.

Loweruka lija aphunzitsi anabwera ndi mayi awo okalamba, omwe ndi amene anali ndi ng'ala, iwo akuwatsogolera ndi ndodo yawo yoyera, mayi atagwira pamkono. Tili pamzere anandikokera pambali nkunena kuti positi yachiwiri ija inamveka bwino, "koma achimwene, timitima tofiira tisanu ndi tiwiri mwaika kumapeto tija, tiwiri tikanakwana."